Mapepala anali enieni, koma munthu amene ndinkalankhula naye sanali mwini wake

Ine ndi amuna anga tili ndi shopu ya zipangizo zomangira nyumba pa Mponela, ndipo ntchito yosunga ndalama komanso yooda katundu imakhala m'manja mwanga. Kumayambiriro kwa chaka cha 2024 ndinaberedwa K150,000 ndi munthu amene ankati amagulitsa malata mopikulitsa, ndipo ndinatsala pang'ono kumutumiziranso ndalama zoyandikira K3 miliyoni. Ndikulemba nkhaniyi chifukwa anzanga ambiri a bizinesi amaganiza ngati mmene ndinkaganizira ine nthawi imeneyo, kuti wogulitsa akangokutumizira setifiketi ya kampani ndi laisensi ndiye kuti nkhani yatha, ukhoza kulipira dipoziti mtima uli m'malo. Munthu amene anandibera ine ananditumizira mapepala anayi, ndipo atatu mwa iwo anali enieni.

Inali nyengo yovuta kwa ife ogulitsa katundu wa zitsulo. Kwacha inali itangotsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo inkasintha sabata ndi sabata, ndipo kumene ndinkakonda kupikula anali atandiuza kuti malata a geji 28 a mafiti 12 afika pa K21,500 limodzi, osaphatikizapo msonkho. Pa gulu lina la WhatsApp la anthu ogulitsa zipangizo zomangira panabwera bambo wina amene anadzitchula kuti ndi mkulu woona zamalonda pa kampani ina ya ku Kanengo, mumzinda wa Lilongwe. Iye anati ali ndi malata amene anagulidwa kwacha isanagwe ndipo akufuna kuwatulutsa msanga pa K18,000 limodzi. Nditawerengetsa, ndinaona kuti pa malata 300 ndikanapulumutsa K1,050,000, ndipo kunena zoona kuyambira pamenepo mtima wanga unali utagula kale, mutu unkangofuna zifukwa zovomerezera.

Ndinamupempha kotesheni ndi mapepala a kampani, ndipo pasanathe ola limodzi zonse zinafika pa foni. Kotesheni inali pa pepala la mutu wa kampani, lokhala ndi chizindikiro komanso chidindo, ndipo inaonetsa K5,400,000 ya malata, K891,000 ya VAT, imene nthawi imeneyo inali pa 16.5 peresenti, zonse pamodzi K6,291,000. Ankafuna theka la ndalamazo, K3,145,500, lisanafike Lachisanu, zotsalazo ndidzapereke galimoto ikadzatsitsa katundu pa shopu. Anaphatikizapo setifiketi yosonyeza kuti kampani inalembetsedwa, pepala la nambala ya msonkho ya TPIN, setifiketi yosonyeza kuti alibe ngongole ya msonkho, ndi laisensi ya khonsolo ya mzinda. Madzulo a tsiku lomwelo anandiimbira n'kunena mwaulemu kwambiri kuti, "Mayi, pali bambo wina wa ku Kasungu amene akufunanso katundu yemweyu, koma poti inu ndi amene munayamba kulankhula nane, tumizani kenakake pa foni kuti ndiwauze abwana kuti malatawa ali ndi mwini." Ndinatumiza K150,000. Potumiza, pa foni panatuluka dzina la mayi, ndipo nditafunsa anandiyankha kuti ameneyo ndi kashiya wawo. Ndinavomera yankholo chifukwa ndinkafuna kulivomera.

Chimene chinandiimitsa chinali chinthu chaching'ono. Lachinayi m'mawa, ndikukonzekera kupita kubanki kukaika K2,995,500 yotsala pa dipoziti, ndinayamba kukopera dzina ndi nambala ya akaunti papepala, ndipo m'pamene ndinaona kuti dzina la akaunti silinali lofanana ndendende ndi la kampani. Mawu oyamba anali amodzimodzi, koma dzina la pa setifiketi linkathera ndi "Limited", pamene la akaunti linkathera ndi "General Dealers". Ndinajambula zonse n'kutumizira alamu anga, mng'ono wa amuna anga, amene amagwira ntchito mu ofesi yogula katundu pa bungwe lina ku Lilongwe. Anandiimbira nthawi yomweyo n'kunena kuti, "Alamu, musaike ndalama imeneyo lero. Kwerani minibasi mubwere ndi mapepala onse, tikawaone pamodzi." Pa Mponela ndi Lilongwe pali mtunda wa makilomita pafupifupi 60 basi, koma ndikuvomereza kuti ndinanyinyirika, poopa kuti bambo wa ku Kasungu uja anditengera malata.

Alamu anasindikiza mapepala aja n'kuwayala patebulo, ndipo chinthu choyamba chimene anandiphunzitsa ndi kusiyana kwa setifiketi ziwiri zimene ife ambiri timazitchula ndi dzina limodzi. Kampani imene dzina lake limathera ndi "Limited" imalembetsedwa motsatira lamulo la makampani la 2013, ndipo pepala lake limakhala ndi mutu wakuti "Certificate of Incorporation". Kampani yotere pamaso pa lamulo imakhala ngati munthu payokha, ili ndi madairekita ake odziwika, adiresi yake yolembetsa, ndipo imatsegula akaunti ya kubanki m'dzina lake. Bizinesi ya munthu mmodzi kapena ya anthu ogwirizana, monga shopu yathu, imalembetsedwa motsatira lamulo lolembetsa mabizinesi la 2012, ndipo chimene chimalembetsedwa ndi dzina la bizinesi pamodzi ndi dzina la mwini wake. Zonse ziwiri ndi zovomerezeka ndipo palibe cholakwika kugula kwa aliyense wa iwo. Koma "Limited" ndi "General Dealers" ndi anthu awiri osiyana, ngakhale mayina awo atayamba mofanana, ndiye ndikanaika ndalama mu akaunti ija ndikanakhala kuti ndalipira munthu wina pamene kotesheni ndalandira kwa wina. Katundu akanapanda kubwera, kampani ya pa setifiketi ikanangonena kuti sinalandire kalikonse kuchokera kwa ine, ndipo ikanakhala ikunena zoona.

Alamu anafotokozanso chifukwa chake dzina la akaunti limalemera kuposa mapepala onse amene munthu angakutumizire pa foni. Chithunzi cha setifiketi n'chosavuta kuchipeza, popeza makampani amapereka makope a mapepala amenewa nthawi iliyonse akamapikisana kuti apatsidwe makontrakiti, akamatsegula akaunti kwa makasitomala akuluakulu, ngakhalenso kwa munthu aliyense amene wanamizira kuti akufuna kugula katundu wambiri. Koma kuti banki itsegule akaunti m'dzina la kampani, imafuna setifiketi, nambala ya msonkho, ziphaso za madairekita ndi chikalata chosonyeza kuti madairekitawo agwirizana za amene azisainira. Kamberembere akhoza kukhala ndi makope onse a mapepala a kampani ya eni ake, koma n'kovuta kwambiri kuti akhale ndi akaunti ya dzina lenileni la kampaniyo, n'chifukwa chake amabwera ndi nkhani zakuti akaunti ya kampani ili ndi vuto, kapena kuti mukaika mu akaunti ya kashiya katundu atuluka msanga.

Tsiku lomwelo tinapita ku ofesi ya Registrar General, kumene mabizinesi ndi makampani ankalembetsedwa nthawi imeneyo. Maofesi ake anali ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, ndipo masiku ano kulembetsa kumachitika kudzera pa makina a pa intaneti otchedwa Malawi Business Registration System. Chimene ine sindinkadziwa n'chakuti munthu wamba amaloledwa kupempha kafukufuku pa kampani ina iliyonse, malinga walipira ndalama yoikika. Tinapereka dzina la kampani ndi nambala ya pa setifiketi, ndipo zotsatira zinaonetsa kuti kampaniyo ilipodi, nambala ndi yolondola, tsiku lolembetsa ndi lomwelo. Nditamva zimenezi ndinapumira m'mwamba n'kuyamba kuganiza kuti mwina tamuganizira molakwa bambo uja. Alamu anandiuza kuti ndiwerenge mpaka pansi. Pa mayina a madairekita panalibe dzina lake, panalibenso dzina la mayi amene analandira K150,000 yanga, ndipo nambala ya poloti pa adiresi yolembetsa inali yosiyana ndi imene inali pa kotesheni.

Pamenepa ndiyenera kunena mosamala, chifukwa kusapezeka kwa dzina la munthu pa mndandanda wa madairekita si umboni wa kuba. Wogulitsa katundu pa kampani nthawi zambiri amakhala wolembedwa ntchito chabe, ndipo kampani ikhoza kukhala ndi ofesi malo ena, nyumba yosungira katundu malo enanso. Kafukufuku uja sanandiuze kuti bambo uja ndi wakuba. Anandipatsa zinthu ziwiri zimene sizinadutse m'manja mwake, zomwe ndi mayina a anthu amene ali ndi mphamvu zonena kuti uyu ndi wathu kapena ayi, komanso adiresi yokawapezera. Zina zonse zimene ndinali nazo mpaka nthawi imeneyo, nambala ya foni, imelo, malo ndi akaunti, ndinazimva kwa munthu mmodzi yemweyo amene ndinkafuna kumutsimikizira. Ndikanaimba nambala ya pa kotesheni kuti ndifunse ngati bamboyo ndi wawo, ndikanayankhidwa ndi iye yemwe kapena mnzake.

Za mapepala a msonkho sitinachedwe nazo. Ku ofesi ya Malawi Revenue Authority sakuuza za misonkho ya munthu wina, koma funso lathu linali lochepa, lakuti kodi nambala ya TPIN iyi ndi ya dzina ili, ndipo setifiketi iyi inachokeradi kwa iwo. Zonse ziwiri zinali zoona. Setifiketi yosonyeza kuti munthu alibe ngongole ya msonkho imakhala ndi tsiku lothera ntchito, ndipo ija inali itatsala ndi miyezi iwiri, kusonyeza kuti amene anaipeza anaipeza posachedwa. Alamu anandikumbutsanso kuti wogulitsa amene walemba VAT pa kotesheni ayenera kukhala wolembetsedwa kutolera msonkho umenewu, ndipo ukalipira ayenera kukupatsa lisiti lovomerezeka ndi MRA, osati lolemba pamanja m'kabuku kogula mu sitolo. K891,000 imene inali pa kotesheni yanga ikanangolowa m'thumba la munthu.

Pepala limene linaulula zonse ndi laisensi ya khonsolo, imene poyamba ndinkaiona ngati yochepa mphamvu pa onse. Laisensi imasiyana ndi setifiketi chifukwa imamangirira bizinesi ku malo. Imatchula dzina la bizinesi, mtundu wa malonda ololedwa, poloti imene malondawo akuchitikira, ndi chaka chimene ikugwira ntchito, ndipo imayenera kukonzedwanso chaka ndi chaka n'kupachikidwa poonekera. Alamu anakulitsa chithunzi chija pa kompyuta, ndipo tinaona kuti manambala a poloti anali akuda kwambiri ndiponso opendekeka pang'ono poyerekeza ndi zilembo zina za mzere womwewo, komanso kumbuyo kwake kunali koyera kuposa pepala lonse. Pa foni sindikanaona zimenezi ngakhale nditayang'anitsitsa motani. Lachisanu m'mawa tinapita ku khonsolo ya mzinda wa Lilongwe ndi nambala ya laisensiyo, ndipo m'kaundula wawo nambalayo inali ya kampani ija ndithu, koma pa poloti ya adiresi imene tinapeza ku Registrar General, osati ya pa kotesheni.

Kuchoka pamenepo tinapita ku Kanengo, koyamba ku poloti ya pa kotesheni. Tinapeza mpanda wautali, geti lotseka ndi mlonda amene anati mkatimo mumasungidwa katundu wa anthu ena osagwirizana ndi malata, ndipo dzina la kampani limene tinatchula anali asanalimvepo. Ndili pa geti pomwepo ndinamuimbira bambo uja n'kumuuza kuti ndabwera ndi ndalama m'manja, ndikufuna ndione katundu kenako ndilipire pa kauntala. Anayankha kuti ali ku Dedza ku maliro ndipo makiyi a nyumba yosungira katundu ali ndi iye, choncho ndingoika ndalamazo kubanki kuti Lolemba galimoto inyamuke. Nditamupempha nambala ya dairekita mmodzi, n'kutchula dzina limene ndinaliona pa kafukufuku, anakhala chete kwa kanthawi, kenako anati andiimbiranso. Foni yake sinapezekenso kuyambira ola limenelo, ndipo madzulo ake anali atachoka pa gulu la WhatsApp lija.

Ku adiresi yeniyeni tinapeza kampani ikugwira ntchito, malata ali mulu, laisensi ili pakhoma mu felemu, nambala yake yofanana ndi ya pa chithunzi changa koma poloti yosiyana. Mkulu amene anatilandira atayang'ana kotesheni anati pepala la mutu ndi lawo, koma nambala za foni, imelo ndi akaunti zasinthidwa, ndipo munthu wa dzina limenelo sanagwirepo ntchito pamalopo. Anati ine sindinali woyamba kubwera ndi pepala lotere. Mtengo wawo weniweni wa malata omwewo unali wokwera kuposa wa kumene ndinkapikula kale. Tinakapereka lipoti ku polisi pamodzi ndi zithunzi za mauthenga onse, nambala imene ndinatumizako ndalama ndi nambala ya akaunti ija, koma K150,000 yanga sinabwerere.

Pobwerera kunyumba ndinkadzifunsa chifukwa chake sindinapemphe kudzaona katundu pa tsiku loyamba. Yankho lake ndi manyazi. Bambo uja ankalankhula ngati munthu wa kampani yaikulu amene akuchitira chifundo kashopu ka kumudzi, ndipo ndinkaona ngati kumufunsa mafunso ambiri kukhala kumunyoza, mwinanso kuonetsa kuti sindidziwa mmene malonda akuluakulu amayendera. Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ndaona kuchokera nthawi imeneyo kuti wogulitsa weniweni sakhumudwa ukamupempha mapepala, chifukwa mabungwe ndi maofesi a boma amamufunsa zomwezo nthawi zonse, ndipo amakhala nazo mu fayelo pafupi. Amene amakwiya, kapena kukufulumizitsa ndi nkhani ya kasitomala wina amene akudikira, ndi amene ali ndi chobisa.

Malata ndinkawafunabe, ndipo patatha sabata ziwiri ndinapeza wogulitsa wina kudera la Malangalanga ku Lilongwe. Ndikufuna kufotokoza za iyeyu mwatsatanetsatane, chifukwa mapepala ake sanali okongola ngati a kamberembere uja, ndipo munthu wongoyang'ana maonekedwe akanakhulupirira wakubayo n'kukana woona. Analibe pepala la mutu wa kampani, kotesheni analemba pamanja m'buku la makope atatu n'kudinda chidindo. Bizinesi yake inali ya munthu mmodzi, ndiye setifiketi yake inali yolembetsa dzina la bizinesi, yokhala ndi dzina lake ngati mwini. Ndinapempha kuona setifiketi yeniyeni, osati kope, komanso chiphaso chake cha unzika, ndipo dzina la pa chiphaso linali lomwelo la pa setifiketi, nkhope ya pa chiphaso inali ya munthu amene anaima patsogolo panga. Setifiketi ya mtundu umenewu imakhala ndi nthawi yake ndipo imayenera kukonzedwanso, choncho ndinayang'ana masiku, n'kupeza kuti inali ikugwirabe ntchito. Nambala ya TPIN pa kotesheni inali yofanana ndi ya pa pepala la msonkho. Akaunti ya kubanki inali m'dzina la bizinesi, chilembo ndi chilembo monga linalembedwera pa setifiketi.

Vuto linali pa laisensi ya pakhoma, imene inali ya chaka chapita. Nditamufunsa, sanazungulire. Anati, "Mayi, ndinalipira kale yatsopano koma sindinakatenge pepala lake," ndipo anatulutsa lisiti la khonsolo lokhala ndi dzina la bizinesi yake ndi poloti ya shopu imene tinalimo. Ndinalijambula n'kukafunsa ku khonsolo tsiku lomwelo, ndipo anatsimikiza kuti malipirowo analandiridwa. Apa m'pamene ndinaona kuti zolakwika za pa mapepala sizilemera mofanana. Laisensi yochedwa kutengedwa, pamene lisiti lilipo ndipo mwini wake waima pa malo olembedwawo, ndi ulesi wamba umene ife a bizinesi tonse timaudziwa. Koma dzina likasiyana pakati pa setifiketi ndi akaunti, kapena poloti ya pa laisensi ikasiyana ndi malo amene akuti kuli katundu, ndiye kuti pali anthu awiri m'nkhaniyo, ndipo ndalama zako zikupita kwa amene alibe mapepala.

Sindinaimire pa mapepala pokha. Ndinafunsa eni mashopu awiri oyandikana naye kuti wakhala pamalopo nthawi yaitali bwanji, ndipo onse anati zaka zingapo. Ndinamupempha mayina a anthu a bizinesi amene amawapatsa katundu kuzigawo za kwathu, ndipo mmodzi mwa iwo ndinkamudziwa kale, moti ndinamuimbira pa nambala imene ndinali nayo ine, osati imene anandipatsa wogulitsayo. Ndinachita zimenezi chifukwa setifiketi ili ndi malire ake. Imanena kuti bizinesi inalembetsedwa ndipo mwini wake ndi wakuti, koma sinena kuti ali ndi katundu, kuti alibe ngongole kwa anthu ena, kapena kuti amasunga lonjezo. Kulembetsa dzina la bizinesi sikudula kwambiri, ndipo munthu wa maganizo oipa akhoza kulembetsa lero n'cholinga chodzabera anthu mwezi wamawa. N'chifukwa chake tsiku lolembetsa ndimaliyang'ana tsopano. Bizinesi imene ikuti yakhala ikugulitsa zitsulo zaka khumi koma setifiketi ikuonetsa miyezi itatu iyenera kufotokoza kusiyanako isanalandire ndalama yanga.

Tinagwirizana malata 200 pa K20,500 limodzi, zomwe ndi K4,100,000, kuphatikiza VAT ya K676,500, zonse K4,776,500. M'shopu munali malata 80 okha, ena 120 ankayenera kukawatenga kufakitale, ndiye iye anapempha theka la ndalama. Ndinakana n'kunena kuti ndipereka K1,000,000, imene inali yochepera mtengo wa malata 80 amene ndinawaona ndi maso anga n'kuwawerenga, kuti zinthu zikavuta ndidzakhale ndi potengera. Tinalemba pangano la tsamba limodzi, lotchula dzina la bizinesi monga lilili pa setifiketi, nambala yake yolembetsa, geji ndi kutalika kwa malata, chiwerengero, tsiku lofikitsa katundu pa Mponela, komanso mawu akuti akapanda kufikitsa pofika tsikulo adzabweza dipoziti yonse pasanathe masiku asanu ndi awiri. Tinasaina tonse awiri, alamu anasaina ngati mboni. Ndalama ndinatumiza kudzera kubanki mu akaunti ya bizinesi, n'kulemba nambala ya kotesheni pa chifukwa cholipirira, ndipo anandipatsa lisiti tsiku lomwelo.

Katundu anafika mochedwa ndi masiku awiri. Powerenga tinapeza malata asanu ndi limodzi opindika m'mbali chifukwa cha zingwe zomangira pagalimoto, ndipo ndinachotsa mtengo wake pa ndalama yotsala mpaka pamene anadzabweretsa ena. Nditamaliza kulipira anandipatsa lisiti la makina a MRA la ndalama yonse. Mpaka lero ndimaodabe kwa bambo ameneyu, ndipo tsopano amanditumizira katundu popanda dipoziti.

Pali mitundu ina ya katundu imene imafuna laisensi yapadera kuwonjezera pa ya khonsolo, ndipo izi ndinazidziwa pamene tinayamba kuganiza zoonjezera malonda m'shopu. Wogulitsa ndi kuika zipangizo za magetsi a dzuwa amafuna chilolezo cha MERA, wogulitsa mankhwala ophera tizilombo m'munda amafuna cha Pesticides Control Board, ndipo wa mankhwala a anthu amafuna cha PMRA. Njira yotsimikizira ndi yomweyo, kutenga nambala ya laisensi n'kukafunsa kwa amene anaipereka ngati ili ya dzina limenelo ndi malo amenewo, pogwiritsa ntchito foni kapena ofesi imene mwaipeza nokha. Ena amaonetsa setifiketi ya PPDA, bungwe loyang'anira kagulidwe ka katundu wa boma, ngati umboni wakuti ndi odalirika, koma imeneyo imangosonyeza kuti analembetsa kuti azipikisana nawo pogulitsa katundu ku boma, ndipo kope lake likhoza kubedwa mofanana ndi mapepala ena aja.

Ulendo wonse wa masiku awiri ku Lilongwe, kuphatikiza minibasi, kabaza, kusindikiza mapepala ndi ndalama ya kafukufuku, unandidyera ndalama yochepa kwambiri poyerekeza ndi K150,000 imene ndinaitaya m'kamphindi kamodzi ndili chikhalire m'shopu. Ndikudziwa kuti amene ali ku Chitipa kapena ku Nsanje sangakwere galimoto nthawi iliyonse pamene wapeza wogulitsa watsopano. Kwa otero, m'bale kapena mnzanu wodalirika wa m'tauni akhoza kupita pa poloti yolembedwa pa laisensi, n'kujambula laisensi ya pakhoma ndi katundu amene alipo, kenako n'kufunsa pa kauntala ngati munthu amene mukulankhula naye ndi wawo komanso ngati akaunti imene mwapatsidwa ndi yawo. Mafunso awiri amenewa akanandikwanira ine pa tsiku loyamba.

Patapita miyezi inayi, mayi wina amene ali ndi shopu pa Madisi anandiimbira atamva nkhani yanga kwa anzathu. Anali atapatsidwa kotesheni ya simenti matumba 400 pa mtengo wotsika, pamodzi ndi setifiketi, TPIN ndi laisensi za kampani ina ya ku Lilongwe, yosiyana ndi ija, ndipo ankafunsa ngati mapepalawo akuoneka enieni. Ndinamuuza kuti n'kutheka ndithu kuti ndi enieni, koma andiwerengere kaye dzina la pa setifiketi, kenako dzina la akaunti imene auzidwa kuikamo dipoziti. Anawerenga loyamba, lothera ndi "Limited". Pamene anawerenga lachiwiri ndinatsegula fayelo yanga n'kupeza kuti linali dzina lomwe lija lothera ndi "General Dealers", ndi nambala ya akaunti yomwe ija, manambala onse ofanana. Mawa lake tinapita limodzi ku polisi kukawonjezera mapepala ake pa lipoti langa.